Katatu ka masheya si lonjezo

Aliyense amene akukukoperani ku SACCO kuno ku Joni amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Mukasunga R5,000, mudzatenga R15,000." Sakunama. Mabungwe ambiri osunga ndi kubwereketsa ndalama amalembadi m'malamulo awo kuti membala angathe kukongola kawiri kapena katatu kuchuluka kwa masheya ake. Chimene wokopayo sanena n'chakuti katatuko ndi malire amene simungadutse. Si ndalama imene akukulonjezani. Masheya amangokulowetsani pamzere, ndipo ngongole yeniyeni imene mudzatuluke nayo imadulidwa ndi zinthu zina ziwiri, malipiro anu ndi mboni zanu.

Maganizo anga ndi awa. Mmalawi amene akugwira ntchito kuno ndipo mapepala ake ali bwino alowe SACCO, chifukwa palibe kwina kumene angapeze ngongole yotchipa chotere. Koma asathire ndalama zake zonse m'masheya pofuna kuti katatuko kakule. Agule masheya olingana ndi ngongole imene thumba lake lingabweze, zotsalazo aziika pamene angazitenge tsiku limene wazifuna.

Tisanafike patali, muyambe mwadziwa gulu limene mukulowalo. Ku South Africa kuno, gulu lolandira ndalama za mamembala n'kumawabwereketsa monga kopaletivu limayenera kulembetsedwa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi makopaletivu, komanso kukhala m'kaundula wa Prudential Authority, nthambi ya banki yaikulu ya dziko lino imene inayamba ntchito mu 2018. Kuti lilembetsedwe liyenera kukhala ndi mamembala osachepera 200, masheya okwana R100,000, komanso chinthu chimodzi chomanga mamembalawo pamodzi, kaya amagwira ntchito pamalo amodzi, kaya ali m'bungwe limodzi, kaya amakhala dera limodzi. Gulu la pa WhatsApp la anthu 25 limene msungichuma wake amaika ndalama mu akaunti yakeyake si SACCO, ngakhale litadzitcha dzinalo. Imeneyo ndi sitokofela, mbale wake wa banki mkhonde ya kwathu, ndipo ili ndi ubwino wake, koma zimene ndikukamba pano sizikuikhudza. Pemphani kuona setifiketi, ndipo pemphani malamulo oyendetsera gululo kuti mukawerenge kunyumba. Akakana kukupatsani malamulo musanalipire, bwererani ndi ndalama zanu. Nawonso adzakufunsani pasipoti, pemiti ndi umboni wa kumene mukukhala, poti lamulo la 2001 lolimbana ndi ndalama zakuba limafuna kuti mabungwe a zachuma amudziwe munthu amene akuchita naye malonda. Ndikudziwa kuti abale athu ambiri amagwera pomwepa.

Tsiku lolowa mumapereka ndalama kamodzi, koma imagawika patatu, ndipo anthu ambiri amasaina osafunsa kuti iti yapita kuti. Pali ndalama yolowera, imene sibwerera. Pali masheya, amene amakusandutsani mmodzi wa eni gululo. Ndiye pali ndalama zosunga, zimene mungakatape mukafuna. Masheya satapidwa ngati ndalama za mu akaunti. Ndi mpamba wa gulu, ndipo gulu likaluza, masheyawo ndi amene amayamba kudyeka. Mabungwe ena amawerengera katatu kaja pa masheya okha, ena pa zosunga, ena pa zonse pamodzi. Amene anakhalapo mu SACCO ya kumudzi anazolowera kuti ndalama yodulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi ndiyo masheya, ndipo ngongole imawerengedwa pamenepo. Kuno mungapeze kuti masheya ndi kandalama kokhazikika kogula kamodzi, ndipo ngongole imatengera zosunga. Funsani mwachindunji kuti: ngongole yanga mudzaichulukitsa kuchokera pa ndalama iti, ndipo ndalama imeneyo mudzaimanga mpaka liti? Ndalama iliyonse imene amachulukitsirapo ngongole imakhala chikole, ndipo simuikhudza mpaka mutamaliza kubweza, kaya aitcha dzina lanji. M'nkhani ino ndiitcha masheya.

Ena amaganiza kuti akagula masheya ambiri mawu awo adzalemera pamsonkhano. Sizitero. Mwambo wa makopaletivu ndi wakuti membala mmodzi, voti imodzi. Wa masheya a R50,000 ndi wa R500 amakweza mkono umodziumodzi posankha komiti.

Nanga n'chifukwa chiyani katatuko sangakapereke kwa aliyense? Masamu ake ndi apafupi. Tiyerekeze gulu la anthu 200, aliyense ali ndi masheya a R6,000. M'thumba muli R1,200,000. Onse atafuna katatu tsiku limodzi pangafunike R3,600,000, ndalama imene kulibe. Ndiye kuti pa nthawi imodzi, munthu mmodzi yekha mwa atatu ndi amene angatenge katatu kathunthu, ndipo ngakhale pamenepo zachuluka, chifukwa gulu liyenera kusiyako ndalama ina yoti otapa zosunga zawo apeze. Ngongole yanu ndi ndalama ya anzanu awiri amene mwezi umenewo sanakongole. Apa m'pamene pamachokera malamulo amene atsopano amadana nawo. Amakuuzani kuti musonkhe kaye miyezi isanu ndi umodzi musanapemphe ngongole. Amakuuzani kuti mukaponya R10,000 kamodzi n'kamodzi, sakuwerengerani mpaka itagona miyezi ingapo. Ine malamulo amenewa ndimawaikira kumbuyo. Popanda iwo, munthu akanatha kubwereka R10,000 kwa mnzake Lolemba, kugula masheya Lachiwiri, kutenga R30,000 Lachisanu, kubweza ya mnzake ija n'kukwera basi ku Park Station ali ndi R20,000 ya anthu. Gulu limene likukuuzani kuti mungathe kulowa lero n'kukongola mawa likutchova juga ndi masheya anu.

Tsopano tione munthu mmodzi. Manambalawa ndi achitsanzo, gulu lililonse lili ndi ake, koma kayendedwe kake n'komweka. Telala wina amasoka m'shopu ya munthu ku Fordsburg ndipo amalandira R6,500 pamwezi. Akufuna makina ake, amagetsi osokera ndi ovaloko, kuti azisoka makatani ndi mayunifolomu madzulo ndi Lamlungu m'chipinda chake ku Mayfair. Walowa gulu limene malamulo ake akuti masheya ndi R500 pamwezi, ngongole mpaka katatu, chiwongoladzanja 2 peresenti pamwezi, ngongole yoyamba kubweza m'miyezi 12. Chatha chaka, masheya ake ndi R6,000. M'mutu mwake muli R18,000.

Komiti ya ngongole siyambira pa masheya. Imatenga peyisilipi kapena sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu n'kuyamba kuchotsera. Lendi R1,800. Matakisi ndi magetsi R900. Chakudya R1,200. Kumudzi amatumiza R1,000, ya fizi ndi feteleza, ndipo imeneyi ndi ndalama imene ambiri amabisa pafomu ngati kuti mayi awo kumudzi adzasiya kuimba foni. Zonse pamodzi R4,900. Yatsala R1,600. Koma R500 ya masheya siima chifukwa choti mwatenga ngongole, imapitirira. Ndiye yeniyeni yobwezera ngongole ndi R1,100.

Ngongole ya R18,000 pa miyezi 12 imafuna R1,500 pamwezi ya ngongole yeniyeniyo, kuphatikiza R360 ya chiwongoladzanja mwezi woyamba. Ndiye R1,860. Telala wathu alibe. Imene ingalowe mu R1,100 ndi ngongole ya R10,000: R833 kuphatikiza R200, kukwana R1,033. Masheya ake akuloleza R18,000, malipiro ake akuloleza R10,000, ndipo imene imapambana ndi yaing'onoyo. Akapsa mtima n'kunena kuti komiti ili ndi kaduka, adziwe kuti lamulo la ngongole la dziko lino, la chaka cha 2005, limaletsa wobwereketsa kupereka ngongole asanaone ngati wokongolayo angathe kubweza. Onaninso kuti telalayu akanakhala ndi masheya a R12,000, malire ake akanakhala R36,000 papepala, koma akanatulukabe ndi R10,000 yomweyo. Masheya owonjezerawo sakanamugulira ngongole yaikulu ngakhale ndi randi imodzi.

Chimene chingasinthe zinthu ndi nthawi yobwezera. R18,000 yomweyo itatambasulidwa pa miyezi 24, mwezi woyamba angapereke R750 kuphatikiza R360, kukwana R1,110, imene ikungotsala pang'ono kulowa m'thumba lake. Mtengo wake ndi wakuti chiwongoladzanja chonse chimakwera kuchoka pa R2,340 kufika pa R4,500. Ndipo miyezi 24 sapatsa munthu wongoyamba kumene. Mabungwe ambiri amatalikitsa nthawi kwa amene wabwezapo ngongole imodzi kapena ziwiri osadumphitsa mwezi, ndipo kwa ife obwera, musadabwe komiti itayang'ana tsiku limene pemiti ikutha n'kukana kuti ngongole ipitirire tsiku limenelo. Ndiye chimene chimakuza ngongole ya munthu wolandira ndalama zochepa ndi mbiri ya kabwezedwe kake, kuposa mulu wa masheya. Ndi chifukwa chake ndimati tengani kangongole kakang'ono msanga, ngakhale ka R3,000, mubweze bwino, kuti tsiku lofuna yaikulu mudzakhale ndi choonetsa.

Pa 2 peresenti ija pali msampha umene ndikufuna muuonetsetse. Ilipo 2 peresenti yowerengera pa ngongole yotsala, iliponso 2 peresenti yowerengera pa ngongole yonse imene munatenga poyamba. Pa yoyambayo, telala akabweza R1,500 mwezi woyamba, mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimawerengedwa pa R16,500, ndiye R330. Wachitatu R300. Chimatsika ndi R30 mwezi uliwonse mpaka womaliza apereka R30 yokha, zonse pamodzi R2,340. Pa yachiwiriyo amapereka R360 mwezi ndi mwezi mpaka kumapeto, ngakhale mwezi womaliza umene ngongole yatsala R1,500 yokha, ndipo zonse pamodzi zimakwana R4,320. Onse awiri pakamwa akuti 2 peresenti, koma wina akulipira pafupifupi kawiri. Njira yodziwira ndi imodzi: pemphani ndandanda wa kabwezedwe, mwezi ndi mwezi, musanasaine, ndipo muyang'ane ngati chiwongoladzanja chikutsika. Pandandanda womwewo muonenso ndalama yoyendetsera fomu ndi ya inshuwalansi, chifukwa zimenezi nthawi zina amadula pamwamba, munthu n'kulandira m'manja ndalama yochepera imene wasainira.

Tifike kwa mboni, kumene maubale ambiri a kuno aphwasukira. Tinene kuti telala wathu wakwezedwa malipiro ndipo komiti yavomera R18,000 pa miyezi 12. Masheya ake akuphimba R6,000 yokha. R12,000 yotsalayo ilibe chikole, ndipo gulu silingalande nyumba yake ya ku Mangochi. Ndiye limafuna mamembala anzake awiri kapena atatu kuti asainire, ndipo kusainira kumeneko si kuchitira umboni kuti mumamudziwa kapena kuti mumapemphera naye mzikiti umodzi. Ndi kumangitsa masheya anu pa ngongole yake. Mboni ziwiri, aliyense R6,000. Kuyambira tsiku limenelo masheya amenewo sangachoke, ndipo m'mabungwe ambiri mboniyo ikafuna ngongole yakeyake imapeza kuti malire ake atsika, kapena imauzidwa kuti idikire.

Tiyerekeze kuti telalayo wabweza miyezi inayi, kenaka shopu yatsekedwa, foni yake yasiya kupezeka. Ngongole yatsala R12,000. Masheya ake, poti amaonjezera R500 pamwezi, afika R8,000. Gulu litenga R8,000 imeneyo, patsala R4,000 ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene sanalipire. Imeneyo idulidwa kwa mboni, aliyense R2,000 ndi kanthu pamwamba. Sakufunsani ngati mukufuna, munasaina kale.

Koma onani chinthu china m'masamu omwewa. Akamabweza bwino, ngongole imatsika ndi R1,500 pamwezi pamene masheya ake akukwera ndi R500. Pakutha kwa mwezi wachisanu ndi chimodzi ngongole ili pa R9,000, masheya alinso pa R9,000. Kuchokera pamenepo munthuyu akudziphimba yekha, ndipo palibe chifukwa chopitirizira kumanga masheya a mboni. Gulu loyendetsedwa bwino limamasula mboni pang'onopang'ono pamene ngongole ikutsika. Lina limazimanga mpaka randi yomaliza, chifukwa cha ulesi wa olemba mabuku basi. Musanasainire munthu, funsani kuti masheya anu adzamasulidwa liti, ndipo ngati malamulo sakunenapo kanthu, imeneyo ndi nkhani yoti mukaidzutse pamsonkhano waukulu wa pachaka. Apa m'pamene masheya ambiri amathandizadi, ndipo ndikuvomereza: sakuza ngongole, koma amachepetsa gawo lopanda chikole. Pa ngongole ya R10,000, telala wa masheya a R6,000 akungofunika mboni ya R4,000, imene munthu mmodzi angavomere osasowa nayo tulo. Ndipo ngongole yosapitirira masheya anu safuna mboni, imatuluka msanga, mabungwe ena amaipereka pa chiwongoladzanja chotsikirapo.

Alipo ondidzudzula amene ndimawamvetsa. Amati: "Zimenezi n'zamisala. Ndisunge ndalama zanga, kenaka andibwereke zomwezo, ndilipirenso chiwongoladzanja?" Akunena zoona kuposa mmene oyendetsa ma SACCO amavomerezera. Pa R18,000 ija, R6,000 ndi yake ya telala imene ili m'manja mwa gulu. Ndalama yatsopano imene wapeza ndi R12,000. Chiwongoladzanja cha R2,340 mukachiyerekeza ndi R18,000 ndi 13 peresenti, koma mukachiyerekeza ndi R12,000 chikufika 19.5 peresenti. Umenewo ndiye mtengo woyandikira choonadi, ndipo munthu aziudziwa. Phindu la pachaka limene amagawa pa masheya limabwezako pang'ono, koma silolonjezedwa: limatuluka ngati gulu lapindula, ndipo ndi msonkhano waukulu umene umavomereza. Chaka chimene ambiri sanabweze ngongole, phindulo palibe.

Ndikuvomerezanso kuti kwa munthu wofuna chinthu cha R6,000 ali ndi masheya a R6,000, kukongola n'kulipira chabe chifukwa chomangitsa ndalama pamalo olakwika. Akanaisunga potapika akanangogula.

Pamene ndikusiyana nawo ndi apa: R12,000 yatsopanoyo akanaipeza kuti? Banki yaikulu siithamangira munthu wa pasipoti yakunja amene amalipidwa ndalama m'manja. Wotsala ndi mashonisa, katapila wa kuno, amene ambiri amalipiritsa 30 peresenti pamwezi, ena mpaka 50. Pa R12,000, 30 peresenti ndi R3,600 mwezi umodzi wokha, kuposa chiwongoladzanja cha chaka chonse cha ku SACCO, ndipo ngongoleyo ili chiimire. Pamwamba pake amakusungirani pasipoti kapena khadi la kubanki, zimene lamulo la ngongole lija limaletsa, koma ndani wa ife amapita kukadandaula? Ndiyeno telala akamaliza miyezi 12 ku SACCO amakhala ndi makina, komanso masheya a R12,000. Akamaliza kwa mashonisa, ngati amaliza n'komwe, amakhala ndi pasipoti yake yokha.

Tsopano chifukwa chachikulu chimene ndimakanira kuthira zonse m'masheya. Moyo wathu kuno ungasinthe tsiku limodzi. Maliro kumudzi, ntchito kutha, pemiti kukanidwa, chipwirikiti chothamangitsa alendo ngati cha 2008 kapena 2015, kapena kungopezeka uli ku Lindela, kumene amasungira alendo oti abwezedwe kwawo, ukudikira basi yobwerera. Masheya satuluka pa liwiro limenelo. Kuti muwatenge muyenera kulemba kalata yotuluka m'gulu, kudikira nthawi imene malamulo a gulu akunena, kukhala opanda ngongole, komanso kukhala kuti simunamangidwe monga mboni ya wina. Ndipo lamulo la makopaletivu la dziko lino, la 2005, limalola gulu kuchedwetsa kubweza masheya mpaka zaka ziwiri ngati likuona kuti kubwezako kungaligwedeze pachuma. Ganizirani nthawi imene zimenezi zingachitike: ndi nthawi imene anthu ambiri akufuna kutuluka pamodzi, kutanthauza nthawi yomwe inunso mukuzifunitsitsa. Inshuwalansi yoteteza ndalama zosungitsa ku mabanki imene inayamba mu 2024, yofika R100,000 pa munthu, ndi ya ndalama zosungitsa, si ya masheya.

Choncho funsani zinthu zimene nzika ya dziko lino singaganize kufunsa. Ndikakhala ku Malawi, kodi ndingatuluke m'gulu polemba kalata ndili komweko, kapena mufuna ndibwere ndekha? Ndalamazo mudzatumiza kuti ngati akaunti yanga ya kuno yatsekedwa chifukwa pemiti yatha? Pafomu pali malo olemba dzina la wodzalandira masheya mukamwalira: lembani munthu amene angafike ku ofesiko ndi chiphaso, ndipo achibale adziwe kuti ndalamazo zilipo. Mufunsenso ngati ngongole ili ndi inshuwalansi yoti mukamwalira ifafanizike, chifukwa popanda imeneyo amadula pa masheya amene akanapita kwa ana, kenaka kwa mboni.

Thanzi la gulu limaonekera pa mzere wa ngongole. Ngati chaka chatha ngongole yovomerezedwa imatuluka m'sabata imodzi koma tsopano anthu akudikira miyezi iwiri, ngati komiti yatsitsa katatu kufika kawiri osafotokoza, ngati msonkhano waukulu ukusunthidwa ndipo lipoti la owerengera mabuku silikuoneka, ndalama zatsekeka kwa anthu osabweza. Pamsonkhano funsani mafunso awiri: ngongole zochedwa kupitirira mwezi ndi zingati poyerekeza ndi ngongole zonse, ndipo a m'komiti ndi achibale awo ali ndi ngongole zochuluka bwanji? Funso lachiwirili limadetsa nkhope, koma masheya anu ndi amene adzatseke dzenjelo.

Ena amati bola kulowa SACCO ya kumudzi n'kumatumiza masheya kuchokera kuno. Kumeneko dongosolo n'lakale ndithu: MUSCCO, bungwe limene limasonkhanitsa ma SACCO, lilipo kuyambira 1980, ndipo kuchokera pa lamulo la 2011 amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Malawi. Vuto ndi kwacha. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, ndipo amene anasintha marandi ake kukhala masheya a kwacha anadzuka mphamvu yake yogulira ndalama zakunja itatsika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Koma amene anali ndi ngongole ya kwacha akubweza ndi marandi anapepukidwa. Ndiye SACCO ya kumudzi ndi yabwino kwa amene akufunadi kukongola kumeneko, kugula malata ndi simenti kapena chigayo, osati kwa wongounjika masheya zaka ndi zaka. Makina osokera ogwira ntchito ku Mayfair agulidwe ndi ngongole ya marandi. Ndipo musanatumize tambala, mumve kaye ngati SACCO imeneyo imabwereketsa membala wokhala kunja amene malipiro ake sangadulidwe ndi bwana wa ku Malawi, ndi mboni zotani zimene idzafune.

Telala uja ndingamulangize chonchi. Masamu ayambire kumapeto. Thumba lake likubweza R1,100 pamwezi, ndiye ngongole yake ndi R10,000, ndipo masheya ofunika pa katatu ndi R3,400 basi, amene amakwana m'miyezi isanu ndi iwiri. Apitirize R500 imene malamulo akufuna, asaonjezerepo, ndipo ya maovataimu ndi bonasi ya Disembala aziika ku zosunga zotapika mpaka zitakwana lendi ya miyezi iwiri ndi tikiti ya basi yofika ku Blantyre. Ndi R10,000 agule makina amodzi osokera, ogwiritsidwapo kale ntchito, ovaloko idikire. Ndalama za makatani azilowetsa ku akaunti ya kubanki, asamazidyere m'manja, kuti podzapempha ngongole yachiwiri sitetimenti idzaonetse malipiro awiri. Pofika nthawi imeneyo masheya ake adzakhala atadutsa R9,000, ndipo pa ngongole ya R18,000 gawo lofuna mboni lidzakhala losakwana R9,000 m'malo mwa R12,000.